Dzina lisatuluke popanda pepala: kulemba mawu a pansi pa chithunzi ndi mndandanda wa ogwira ntchito

Malangizo awa ndi a inu amene mumasunga foni kapena kamera ya koparetivu, sukulu, mpingo kapena bungwe laling'ono kuno ku Mchinji, amene mukajambula mumalembanso mawu a pansi pa chithunzi m'lipoti la pachaka, pa kalendala, pa bolodi la zidziwitso kapena pa tsamba la Facebook. Ndi a inunso amene mwauzidwa kuti mulembe mndandanda wa ogwira ntchito woti upachikidwe pakhomo la ofesi kapena uikidwe pa intaneti. Ntchito zonse ziwiri zitsate lamulo limodzi la mu ofesi: dzina la munthu lituluke pokhapokha pali pepala limene mwini dzinalo wasaina kapena kudindapo chala, ndipo pepalalo likutchula malo amene dzinalo likatulukire.

Kuvomera kwa pakamwa sikukwanira. Munthu akati "jambulani", wavomera kujambulidwa basi. Za dzina lake, mudzi wake ndi zokolola zake simunamufunse. Komanso kwathu kuno munthu sakana pamaso pa amfumu, alangizi ndi alendo obwera pa galimoto, ngakhale mumtima sakufuna. Ndipo pakatha chaka, amene anamva kuvomerako wasamuka ntchito, mwini dzina akudandaula, inu mulibe choonetsa. Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko lino limateteza zinsinsi za munthu, ndipo mu 2024 kunabwera lamulo loteteza mbiri ndi zinsinsi za anthu, limene bungwe la MACRA limayang'anira. Dzina, nkhope ndi nambala ya foni ndi zina mwa zinthu zimene lamulolo likunena.

Konzani fomu musanatuluke mu ofesi

Fomu ikhale tsamba limodzi, ya m'Chichewa, ya zilembo zazikulu bwino. Fomu ya masamba atatu ya Chingerezi anthu amangosaina osaiwerenga, ndipo siginecha yotero siikutsimikizira kuti anamvetsa. Pamwamba lembani dzina la bungwe lanu, nambala ya foni ya ofesi, ndi nambala ya fomuyo. Nambala muilembe ndi cholembera chokhuthala musananyamuke: 001, 002, 003, osabwereza ngakhale chaka chitasintha.

Pakati pa fomu musalembe chiganizo chimodzi chongoti "ndalola kuti chithunzi changa chigwiritsidwe ntchito". Gawani zinthu m'mizere, mzere uliwonse ukhale ndi mabokosi awiri, "Inde" ndi "Ayi". Mizere inayi yoyamba ifunse za chimene chituluke: nkhope, dzina lonse, udindo, mudzi kapena dera. Mizere ina ifunse za kumene chikatulukire: pa bolodi la ku ofesi, m'mabuku osindikizidwa, pa intaneti, ndi kwa mabungwe amene amakupatsani thandizo. Mzere womalizawu ambiri amauiwala, chonsecho lipoti likapita kwa opereka thandizo iwo amatha kutengamo chithunzi n'kuchiika pa masamba awo. Kugawa koteroko kumapatsa munthu mpata wovomera zina n'kukana zina. Alipo ambiri amene sadandaula kuoneka pa bolodi la ku Kamwendo, kumene aliyense amawadziwa kale, koma safuna dzina lawo pa intaneti kumene angalipeze mwamuna amene anasiyana naye kapena wakatapila.

Pansi pake siyani malo a zinthu izi: dzina monga mwini akufunira kuti lilembedwe, tsiku, siginecha kapena chidindo cha chala, dzina ndi siginecha ya mboni, ndi dzina la amene wawerenga fomuyo. Lembaninso nthawi imene chilolezo chithere. Zaka ziwiri n'zabwino, chifukwa moyo wa munthu umasintha: amakwatiwa, amasiya gulu, amasamuka. Pomaliza pakhale ziganizo ziwiri zimene tikupempha kuti musazichotse: "Mukakana, palibe thandizo, ngongole, msika kapena ntchito imene mutaye. Mukasintha maganizo, imbani nambala ili pamwambayi, tichotsa dzina lanu pa intaneti ndi pa bolodi pasanathe masiku 7, koma mabuku amene agawidwa kale sitingathe kuwabweza."

Nambala ya chiphaso cha unzika musaifunse. Pa ntchito iyi siikufunika, ndipo mukaisunga mwadzisenzetsa katundu woti muzimulondera. Sindikizani makope awiri pa munthu aliyense, limodzi lanu, limodzi lake. Ngati mukuyembekeza kutchula anthu 10, tengani mafomu a anthu 15, zolembera zitatu, inki yodindira ndi kansalu kopukutira chala.

Kumunda: kufunsa, kudinda, kujambula

Tiyerekeze kuti koparetivu ya alimi a mtedza ndi soya kufupi ndi Kamwendo ili ndi tsiku la chionetsero m'mwezi wa Meyi, nthawi yokumba mtedza, ndipo mukufuna chithunzi cha alimi akuonetsa kaumitsidwe kake.

Poyamba lengezani kwa onse kuti mujambula, ndi kuti amene safuna kuoneka akhale mbali imene mwaloza. Chilengezo chimenechi ndi ulemu chabe, sichikupatsani mphamvu yotchula aliyense. Mawu a amfumu akuti "anthu anga onse avomera" nawonso ndi ulemu. Amfumu angasainire dzina lawo lokha.

Amene mukufuna kumutchula mutengereni pambali, pamene amfumu ndi akomiti sakumva. Muwerengereni fomu yonse mokweza, mzere ndi mzere, ngakhale akuti amadziwa kuwerenga. Pa mzere wa intaneti musangoti "pa intaneti". Nenani chimene chimachitika: "Mayi, chithunzichi angachione wina ali ku Lilongwe, ku Chipata kapena ku Joni, ndipo angachisunge pa foni yake ife osadziwa." Mukatha mufunseni kuti akuuzeni m'mawu ake zimene wavomera. Akayankha kuti "mwati mutipatsa mbewu", sanamvetse, ndipo muyambirenso. Amene sadziwa kulemba adinde chala chachikulu, ndipo mboni ikhale munthu amene iye wasankha, osati mnzanu wa ku ofesi.

Dzina alembe yekha, kapena alitchule inu mulembe n'kumuwerengera chilembo ndi chilembo. Apa ndi pamene zolakwika zambiri zimayambira. Wina amalemba dzina lake ndi "l", wina ndi "r". Wina amaika "h", wina ayi. Mayi wina amadziwika ndi dzina la amuna awo, koma m'buku akufuna la bambo awo, kapena akufuna kungotchedwa ndi mfunda, monga Naphiri kapena Nabanda. Chimene walemba pa fomu ndicho chituluke, osati chimene chili m'kaundula wa mamembala. Kwa mafumu funsitsitsani udindo, chifukwa kulemba gulupu ngati nyakwawa, kapena kutchula wogwirizira mpando ngati mwini wake, kumabutsa mlandu.

Tsopano njira imene imakupulumutsani mukabwerera ku ofesi. Musanajambule chithunzi chenichenicho, mujambuleni munthuyo atanyamula fomu yake, nambala ikuoneka. Chithunzi chimenechi si chofalitsa. Ntchito yake ndi kulumikiza nkhope ndi nambala. Pa gulu, mukangojambula lembani m'hadikava manambala a mafomu kuyambira kumanzere kupita kumanja monga mukuonera inu ojambula, ndipo amene alibe fomu muikeni kamzere: 017, 018, kamzere, 019, 020. Musagwiritse ntchito kamera yakutsogolo ya foni pa chithunzi cha gulu, chifukwa mafoni ena amatembenuza chithunzicho, wakumanzere n'kukhala kumanja, maina onse n'kugwera pa nkhope zolakwika.

Kulemba mawu a pansi pa chithunzi

Mu ofesi tsegulani kaundula wa zilolezo, kaya ndi hadikava kaya ndi pa kompyuta. Mzere uliwonse ukhale ndi nambala ya fomu, dzina, zimene wavomera, kumene wavomera, tsiku lothera, ndi malo olembapo paliponse pamene dzinalo latuluka. Malo omalizawa ndi amene adzakuuzeni kokachotsa munthu akadzasintha maganizo.

Tibwerere ku chithunzi chathu, chimene chikupita m'lipoti losindikizidwa ndiponso pa Facebook. Muli anthu asanu. A 017 avomera zonse. A 018 avomera nkhope ndi dzina, m'mabuku ndi pa intaneti, koma akana mudzi. A 019 avomera dzina m'mabuku okha, pa intaneti nkhope yokha. A 020 avomera nkhope paliponse, dzina ayi. Wachitatu pamzerewo, wa kamzere uja, ndi bambo amene anangolowa pojambula, alibe fomu.

Yambani ndi wopanda fomuyo. Ali pakati, kotero simungamudule m'mphepete. Pali njira ziwiri: kusankha chithunzi china chimene iye mulibe, kapena kutuma mlangizi wa deralo kuti akamufunse ndi fomu. Kungolemba dzina lake chifukwa wapampando akumudziwa ndi chinthu chenicheni chimene malangizo awa akuletsa. Tinene kuti mwapeza chithunzi china cha anayi otsalawo.

Mawu abwino a pansi pa chithunzi amakhala ziganizo ziwiri. Choyamba chimanena amene ali pachithunzi, chimene akuchita, malo ndi nthawi. Chachiwiri chimanena chifukwa chake chithunzicho chili pamenepo. Apa tilemba "Uje" m'malo mwa maina. A m'lipoti akhala motere:

"Mayi Uje (kumanzere), Bambo Uje ndi Mayi Uje, pamodzi ndi membala mnzawo, akuonetsa kaumitsidwe ka mtedza pa tsiku la chionetsero m'boma la Mchinji, mwezi wa Meyi. Mtedza wouma bwino suchita chuku ndipo sukanidwa pa msika."

A pa Facebook asiyana, chifukwa a 019 sanalole dzina lawo kumeneko:

"Mayi Uje (kumanzere) ndi Bambo Uje (achiwiri kuchokera kumanzere), pamodzi ndi mamembala anzawo awiri, akuonetsa kaumitsidwe ka mtedza m'boma la Mchinji."

Onani kuti mudzi sunatchulidwe konse, ngakhale a 017 anavomera. Mukalemba mudzi wa a 017, owerenga aganiza kuti onse anayi ndi a komweko, ndipo mwaulula chimene a 018 anakana. Pa chithunzi cha gulu, malo amatsata amene wakaniza kwambiri. Chithunzi chimodzi chikakhala ndi mawu awiri osiyana chonchi, samalaninso ndi lipotilo: likaikidwa lonse pa intaneti, ndiye kuti dzina la a 019 lafika kumene anakana. Konzani kope lina la pa intaneti, kapena m'lipotimo mungogwiritsa ntchito mawu achiwiriwo.

Kuchotsa dzina si kubisa munthu. Mukalemba kuti "msungichuma wa kalabu ya ku Mkanda", aliyense wa ku Mkanda wadziwa kale, chifukwa msungichuma ndi mmodzi. N'chimodzimodzi "mkazi wa abusa", "mphunzitsi wamkulu" kapena "mayi amene anakolola matumba ochuluka kuposa onse". Mukamaliza kulemba dzifunseni ngati munthu wa m'mudzimo angamuloze kuchokera pa mawu okhawo, chithunzi ataphimba. Ngati angathe, kulitsani mawuwo: "mmodzi wa mamembala", "mlimi wa m'boma la Mchinji". Yang'ananinso m'chithunzi momwemo. Chikwangwani cha sukulu kumbuyo, nambala ya njinga yamoto, baji ya pachifuwa, thumba lolembedwa dzina, kapena pepala la maina lili patebulo, zonsezi zimatchula munthu inu musanalembe kanthu.

Pali zina zimene musaziphatikize ku dzina ngakhale fomu ili ndi "Inde" paliponse, chifukwa fomuyo siinazifunse: matenda, ngongole, ndalama zimene wapeza, kuti amalandira mtukula pakhomo, kuti ndi wamasiye. "Wagulitsa matumba 40" pambali pa dzina ndi mudzi ndi uthenga kwa akuba. Za kachilombo ka HIV pali lamulo lakelake la 2018 limene limateteza chinsinsi cha munthu, ndipo chithunzi cha gulu lothandizana la pa chipatala chimaulula ngakhale mawu anu asanene. Ngati nkhani ikufunadi chinthu chotere, lembani chiganizo chenichenicho kuseli kwa fomu, mumuwerengere, asainenso pamenepo.

Aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana, monga malamulo aakulu akunenera chiwasinthireni mu 2017. Amasainira ndi kholo kapena womulera, osati aphunzitsi, ndipo mwanayo mumufunsenso. Akakana, zathera pomwepo. Ngakhale kholo livomere, dzina lonse, sukulu ndi mudzi zisakhale pamodzi. Kwa munthu wachialubino, wamkulu kapena mwana, musatchule mudzi, sukulu kapena njira imene amadutsa, poti tonse tikudziwa zimene zakhala zikuchitika m'dziko muno. Ndipo kuno kwa Achewa sitifunikanso kukumbutsana kuti pansi pa chithunzi cha gule wamkulu sipalembedwa dzina la munthu. Mlendo wolemba lipoti mumuuziretu zimenezi.

Chotsala ndi malo obisika amene dzina limazembera. Fayilo ya chithunzi musaitche dzina la munthu, chifukwa limayenda nacho kulikonse. Itcheni ndi nambala ya fomu, monga `017-018_mtedza.jpg`. Zimitsani choika malo pa kamera ya foni, poti chimalemba m'fayilomo pamene chithunzi chinajambulidwira. Pa Facebook musamuloze munthu ku tsamba lake, ndipo wina akalemba pansi pake dzina la amene anakana, fufutani. Chithunzi chija cha munthu atanyamula fomu chisalowe m'gulu la WhatsApp la ku ofesi.

Mndandanda wa ogwira ntchito

Apa vuto ndi lina. Mlimi akhoza kukana n'kumapita, koma wantchito amaopa kuti kukana kumuika pa mbiri yoipa kwa abwana. Choncho mafomu asagawidwe ndi abwana, ndipo asasainidwe pa msonkhano onse akuyang'anana. Mlembi agawe, aliyense apite nayo kunyumba, abweze mu envulopu pasanathe sabata. Amene sanabweze muwerengeni ngati wakana. Siginecha ya pa kalata yolembedwera ntchito si chilolezo cha zimenezi.

Fomu ya antchito ikhale ndi mawu enieni amene atuluke, olembedwa kale, kuti mwini awaone n'kukonza. Mzere wabwino uli ndi zinthu zinayi zokha: dzina, udindo, zimene mungamufunse, ndi nambala ya ofesi.

"Mayi Uje, mlangizi wa zaulimi, dera la Kapiri. Za mbewu ndi kasungidwe ka zokolola. Foni ya ofesi."

Nambala ya foni yakeyake, mudzi umene amakhala, tsiku lobadwa ndi malipiro sizilowa. Nambala yakeyake ndi imene imavuta kwambiri, chifukwa ndi yomweyo imene amasungirapo ndalama, ndipo akasiya ntchito alimi adzapitiriza kumuimbira. Dzina, udindo ndi chithunzi zikakhala poyera, mbava za pa foni zimapeza poyambira: zimaimbira alimi n'kudzitchula dzina la kalaliki wanu, kuti atumize ndalama ya mbewu pa nambala ina. N'chifukwa chake pansi pa mndandanda tikulangiza kulemba kuti ofesi siipempha ndalama kudzera pa nambala ya munthu.

Tinene kuti koparetivu ija ili ndi antchito 9. Asanu ndi mmodzi avomera dzina paliponse, mmodzi wavomera pa bolodi pokha, msungichuma wakana, mlonda sanabweze fomu. Mutulutsa mindandanda iwiri. Wa pa bolodi uli ndi maina 7, wa pa intaneti uli ndi maina 6. Amene alibe dzina mzere wake usafufutidwe, chifukwa mlimi akufunikabe kudziwa kopita. Lembani udindo wokha: "Msungichuma. Za malipiro a zokolola. Lolemba mpaka Lachisanu, foni ya ofesi." Musalembe "sanalole" kapena kusiya bokosi la chithunzi lopanda kanthu pakati pa anzake, poti kutero ndi kumuloza chala. Ngati si onse avomera chithunzi, ndi bwino mndandanda wonse ukhale wopanda zithunzi. Kwa msungichuma, wosunga makiyi a nyumba ya zokolola ndi mlonda, ife timaona kuti ngakhale atavomera, dzina lawo likhale pa bolodi la mkati pokha, makamaka nyengo yogula mbewu pamene ndalama zimayenda.

Musanasindikize, ndi pambuyo pake

Munthu wina, amene sanalembe nawo, atenge kope lomaliza ndi kaundula. Dzina lililonse alizungulize ndi cholembera, alembe nambala ya fomu pambali pake, aone zinthu zitatu: kalembedwe kakufanana ndi ka pa fomu, malo otulutsira ali ndi "Inde", tsiku silinathe. Dzina lopanda nambala lichotsedwe, ngakhale likhale la wapampando, kufikira fomu yake itapezeka. Afufuzenso m'mawu othokoza, pachikuto ndi pa mzere wa wojambula, poti maina amabisala mmenemo, ndipo wojambula nayenso ndi munthu woti afunsidwe.

Mndandanda wa antchito muziuona miyezi itatu iliyonse. Wosiya ntchito achotsedwe tsiku lake lomaliza, wosintha udindo asainire mawu atsopano. Munthu akamwalira, chotsani dzina pa mndandanda, ndipo chithunzi chake musachigwiritsenso ntchito musanalankhule ndi abanja.

Wina akaimba kuti wasintha maganizo, musamufunse chifukwa. Lembani tsiku pa mzere wake m'kaundula, tsatani malo onse amene munalemba kuti dzina linatuluka, chotsani pa intaneti ndi pa bolodi, lemberani mabungwe amene munawatumizira, kenako muimbireni kumuuza zimene zachotsedwa ndi zimene sizingatheke, monga makalendala amene ali kale m'nyumba za anthu. Makope amene akadali m'katoni asagawidwenso, kapena matanipo kapepala pa dzinalo. Fomu yake musaing'ambe: lembanipo "chachotsedwa" ndi tsiku, muibwezere m'kabati yokhoma pamodzi ndi zinzake, kiyi akhale ndi anthu awiri okha.